Mankhwala akavulaza chiwindi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene odwala ndi owasamalira amafunsa kawirikawiri kuno ku Salima, makamaka amene ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB. Ndakhazikika kwambiri pa mankhwala a TB chifukwa ndiwo amatibweretsera odwala ambiri a maso achikasu, ngakhale ena ndiwatchulanso.

Mankhwala ndi ochiritsa. Nanga avulaza bwanji chiwindi?

Piritsi lililonse limene mwameza, likasungunuka m'matumbo, magazi amalitengera ku chiwindi lisanafike kwina kulikonse. Ntchito ya chiwindi ndi kuphwanya mankhwalawo kuti asanduke zinthu zotha kutuluka ndi mkodzo kapena ndi ndulu. Vuto limabwera chifukwa pophwanyapo, mankhwala ena amayamba asanduka chinthu chaukali kuposa mmene analili, ndipo chinthucho chimabadwira m'kati mwa chiwindi momwemo. Chikachuluka, kapena thupi likachedwa kuchichotsa, chimawononga maselo a chiwindi.

Kuvulala kumeneku kumabwera m'njira ziwiri, ndipo nzofunika kuzisiyanitsa.

Njira yoyamba ndi ya kuchuluka kwa mankhwala. Panado ndiye chitsanzo chake. Pa mlingo woyenera, kachigawo kochepa ka panado kamasanduka poizoni wotchedwa NAPQI, koma chiwindi chili ndi chotetezera chake chimene chimamugwira poizoniyo nthawi yomweyo. Munthu akamwa panado wambiri, chotetezeracho chimatha, poizoni nkutsala akuwononga. Izi zingachitikire aliyense, ndipo zimaoneka pakangopita masiku awiri kapena atatu.

Njira yachiwiri ndiyo imazunguza anthu. Mlingo ndi woyenera, wodwala sanalakwitse kamwedwe, anzake ambiri akumwa mankhwala omwewo popanda vuto, koma iye yekha chiwindi chatupa. Apa nkhani ili pa thupi la munthuyo. Ena anabadwa ndi chiwindi chochedwa kuphwanya mankhwala ena, monga aisoniyazidi wa TB. Kwa ena, chitetezo cha m'thupi chimaona maselo amene akhudzana ndi mankhwalawo ngati adani nkuyamba kulimbana nawo. Zoterezi sizibwera tsiku loyamba. Nthawi zambiri zimaoneka pakati pa masiku 5 ndi 90 kuchokera pamene munthu anayamba mankhwala.

Ndi mankhwala ati amene timawakayikira kwambiri kuno kwathu?

Oyamba ndi a TB. Piritsi limene wodwala amamwa miyezi iwiri yoyambirira lili ndi mankhwala anayi: rifampisini, aisoniyazidi, pirazinamaidi ndi ethambutolo. Atatu oyambawo onse angathe kuvulaza chiwindi, ndipo pirazinamaidi ndiye amene timamuopa koposa. Ethambutolo sakhudza chiwindi kwenikweni. Aisoniyazidi ali m'mankhwala oteteza ku TB amene amaperekedwa kwa anthu amene ali ndi HIV, choncho nawonso ayenera kudziwa zizindikiro.

Pa ma ARV, nevirapini ndiye anali ndi mbiri yoipa, makamaka kwa amayi amene chitetezo chawo chinali chidakali chokwera, ndipo ankabwera ndi zidzolo ndi kutentha thupi. Efavirenzi nayenso amatero nthawi zina. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'Malawi anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegilaviya, amene savutitsa chiwindi kawirikawiri. Bakitirimu, flukonazolo, amokisilini wosakaniza ndi klavulaneti, komanso mankhwala ena a khunyu monga kabamazepini ndi valuproweti, onsewa ali m'gulu la okayikiridwa.

Palinso mankhwala azitsamba, a kwa sing'anga ndi a m'mabotolo ogulitsidwa pamsika. Anthu ambiri amati chachilengedwe sichipweteka, koma chiwindi chimaphwanya muzu monga mmene chimaphwanyira piritsi, ndipo mu botolo lopanda chizindikiro palibe amene angakuuzeni mlingo wake.

Ndayamba mankhwala a TB ndipo mkodzo wanga wafiira. Kodi ndi chiwindi?

Ayi, ngati ndi zokhazo. Rifampisini amasintha mkodzo, thukuta ngakhale misozi kukhala yofiirira ngati lalanje, ndipo zimenezi zimayamba tsiku loyamba lomwelo, maola ochepa mutamwa. Palibe choopsa. Mkodzo wa chiwindi ndi wina: umada, umatenga mtundu wa tiyi wopanda mkaka, umabwera patapita masabata, ndipo munthu amakhala akudwala. Mukakayika, pemphani wina akuoneni m'maso panja masana, osati m'nyumba ndi tochi. Akokere chikope cha m'munsi pansi inu mukuyang'ana kumwamba, aone poyera pa diso.

Zizindikiro zoyamba ndi ziti?

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira nthawi, chifukwa amadikira chikasu. Chikasu chimabwera mochedwa. Zimene zimayamba ndi kusafuna kudya, mseru, kusanza, kufooka kosadziwika bwino, ndi kupweteka kapena kulemera kumtunda kwa mimba mbali ya kumanja, pansi pa nthiti.

Nzoona kuti mankhwala a TB amachititsa mseru masiku oyambirira kwa anthu ambiri, chiwindi chili bwinobwino. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi kusintha kwa njira ya matenda. Munthu anayamba mankhwala, chifuwa chinachepa, anayamba kumaliza nsima, kenako sabata yachitatu kapena yachinayi fungo la ndiwo likumunyansa ndipo akusanza. Ameneyo asadikire tsiku lotenga mankhwala ena. Abwere akayezedwe magazi.

Pali zizindikiro zina zosonyeza kuti chiwindi chayamba kulephera ntchito: kugona masana nkumachezera usiku, kulankhula zosokonekera, kusazindikira abale, kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, ndi manja kugwedezeka akawatambasula. Kumudzi zoterezi amathamangira kunena kuti munthu walodzedwa kapena malungo akwera kumutu. Ngati ali pa mankhwala ndipo maso ndi achikasu, pezani galimoto usiku womwewo.

Maso achita chikasu. Ndisiye mankhwala ndekha?

Musamwe mlingo wotsatira wa mankhwala a TB, ndipo mufike kuchipatala tsiku lomwelo. Ziwirizi ziyendere limodzi. Kupitiriza kumwa chiwindi chitatupa ndiko kumapha anthu, koma kusiya nkukhala pakhomo mwezi wathunthu kumapatsa TB mpata wobwerera. Ma ARV musasiye panokha, chifukwa chake ndachifotokoza m'munsimu.

Adokotala amadziwa bwanji kuti ndi mankhwala, osati matenda ena?

Palibe kuyeza kumodzi kumene kumatulutsa yankho lakuti ndi mankhwala. Timafika pa yankho pophatikiza zinthu zinayi: nthawi, maonekedwe a zotsatira za magazi, kuchotsa matenda ena, ndi zimene zimachitika mankhwala akaimitsidwa.

Nthawi ndiyo imatitengera mafunso ambiri, mpaka odwala ena amatopa nafe. Munayamba liti piritsi ili? Nanga ili? Munagula china kugolosale? Munamwako za kwa agogo? Mankhwala amene munthu wamwa zaka zinayi popanda vuto sitiyamba kuwakayikira. Amene anayamba masabata atatu apitawo ndiwo timawayang'ana poyamba. Timafunsanso za amene anatha kale, chifukwa amokisilini wa klavulaneti amatha kubweretsa chikasu patapita masabata munthu atamaliza kumwa.

Kuchotsa matenda ena ndi ntchito yaikulu kuno kunyanja, pakuti zobweretsa chikasu nzambiri. Malungo aakulu amaswa magazi ndipo maso amachita chikasu, ndiye timayeza malungo. Matenda a kutupa chiwindi a mtundu wa B alipo ambiri pakati pathu, ndipo ena sadziwa kuti ali nawo. Mowa, makamaka kachasu, uli ndi chizindikiro chake m'magazi: pa zinthu ziwiri zochokera m'maselo a chiwindi zimene timayeza, chotchedwa AST chimakwera kuposa chotchedwa ALT, kawirikawiri kuwirikiza kawiri. Likodzo la m'matumbo limaumitsa mitsempha ya m'chiwindi, kapamba nkutupa, munthu nkumasanza magazi, koma nthawi zambiri silikweza ALT kwambiri, ndiye msodzi amene ALT wake wakwera kakhumi sitinganene kuti ndi likodzo basi. TB yeniyeniyo imatha kulowa m'chiwindi. Ndipo kwa amene angoyamba kumene ma ARV, chitetezo chikamadzuka chimatha kutupitsa chiwindi polimbana ndi TB kapena kachirombo ka mtundu wa B kamene kanali phee.

Pa pepala la ku labu palembedwa ALT, ALP ndi bilirubini. Zikutanthauza chiyani?

ALT amakhala m'kati mwa maselo a chiwindi. Maselo akaphulika, amatayikira m'magazi, choncho akakwera timadziwa kuti mnofu wa chiwindi ukuwonongeka. ALP amakwera pamene tinjira ta ndulu tavulala kapena tatsekeka. Ganizani za ngalande za kumunda wa mpunga ku Lifuwu: mpunga ukhoza kupsa ngalande zili bwino, kapena ngalande zikhoza kutsekeka madzi nkubwerera m'mbuyo. ALT akunena za mpunga, ALP akunena za ngalande. Bilirubini ndi chinthu chachikasu chija chimene chiwindi chimayenera kutaya mu ndulu, ndipo akachuluka m'magazi ndi pamene maso amasintha.

Nambala iliyonse timaiyerekeza ndi malire ake a pamwamba, amene amalembedwa pambali pa zotsatira. Malirewo amasiyana pang'ono malinga ndi makina, koma a ALT amakhala pafupi ndi 40, a ALP pafupi ndi 120. Tikapeza kuti chilichonse chawirikiza kangati, timagawa:

R = (ALT ÷ malire a ALT) ÷ (ALP ÷ malire a ALP)

R akakhala 5 kapena kuposa, kuvulala kuli m'maselo. Umu ndi mmene aisoniyazidi, pirazinamaidi ndi panado amavulazira. R akakhala 2 kapena kucheperapo, vuto lili m'njira za ndulu, monga zimakhalira kawirikawiri ndi amokisilini wa klavulaneti. Pakati pa 2 ndi 5 ndi zosakanikirana, zimene bakitirimu ndi mankhwala ena a khunyu amakonda kuonetsa. Mankhwala aliwonse ali ndi chizolowezi chawo, ndiye wodwala akakhala pa mankhwala asanu, R amatithandiza kuloza amene akufanana ndi zimene tikuona. Sikuti amatsimikiza, koma amachepetsa okayikiridwa.

Tapatseni chitsanzo chenicheni cha mmene zimayendera.

Tiyerekeze bambo wa zaka 42, msodzi wa ku Senga Bay, wolemera makilogalamu 48. Wakhala pa ma ARV ndi bakitirimu zaka zinayi popanda vuto. Wapezeka ndi TB ya m'mapapo ndipo, malinga ndi sikelo yake, akumwa mapiritsi atatu tsiku lililonse. Masabata awiri oyamba akupeza bwino. Pofika tsiku la 24 wayamba mseru, koma akuganiza kuti ndi usipa umene anadya. Tsiku la 31 mkazi wake akumuthirira madzi osamba m'manja panja, akumuyang'ana nkunena kuti, “Bambo a Chisomo, maso anuwa sali bwino. Lero musapite kunyanja, tiyeni kuchipatala.”

Kuchipatala malungo sanapezeke, kachirombo ka mtundu wa B sikanapezeke, ndipo bamboyo akuti mowa anasiya tsiku limene anayamba mankhwala. Akuzindikira bwinobwino, manja sakugwedezeka. Magazi atuluka motere: ALT 480, ALP 180, bilirubini 68 pamene malire ake ndi 20.

ALT wawirikiza ka 12. ALP wawirikiza ka 1.5. Tikagawa 12 ndi 1.5 tikupeza R wa 8, kutanthauza kuti kuvulala kuli m'maselo. Nthawi ikugwirizana ndi mankhwala a TB, maonekedwe akugwirizana ndi aisoniyazidi kapena pirazinamaidi, ndipo mankhwala akale aja sakugwirizana ndi nthawi.

Lamulo limene madokotala ambiri amatsatira ndi ili: mankhwala a TB aimitsidwe ngati ALT wawirikiza kasanu ngakhale munthu sakumva chilichonse, kapena katatu ngati ali ndi zizindikiro, kapena ngati chikasu chaoneka. Bamboyu wadutsa malire onsewa. Palinso china chimene chikutichititsa kuti timugoneke m'chipatala. Dokotala wina wa ku Amereka, Hyman Zimmerman, anaona kuti munthu amene mankhwala amuwonongera maselo a chiwindi mpaka kufika pa chikasu, njira za ndulu zisanatsekeke, ali pangozi yaikulu: pafupifupi mmodzi mwa khumi otere amafika pa imfa kapena pa chiwindi cholephereratu. Nchifukwa chake ALT wokwera ndi chikasu pamodzi timaziopa kuposa ALT wokwera kwambiri payekha.

Rifampisini, aisoniyazidi ndi pirazinamaidi aimitsidwa, bakitirimu nayenso wayamba wapumitsidwa. Tikuyeza shuga pafupipafupi chifukwa chiwindi chodwala chimalephera kusunga shuga, ndipo kumene kuli kotheka timayeza INR, amene amaonetsa ngati magazi akuundana bwino. Patatha sabata ALT watsika kufika 210. Kutsika ndi theka m'masiku 8 oyambirira ndi umboni wamphamvu wakuti analidi mankhwala. Akanapitiriza kukwera, tikanabwerera m'mbuyo kukafufuzanso china chimene tachiphonya. Sabata yachitatu ALT ali pa 70 ndipo maso ayera.

Nanga TB ija? Azingokhala osamwa mankhwala?

Zimadalira kukula kwa TB. Ngati ndi ya m'mapapo ndipo munthu sali kayakaya, tikhoza kudikira masabata ochepawo. Ngati ndi ya m'ubongo, kapena yafalikira thupi lonse, sitingadikire, ndiye timapereka mankhwala ogwirizira amene savutitsa chiwindi, monga levofulokisasini ndi ethambutolo pamodzi ndi ena.

ALT akatsika pansi pa kuwirikiza kawiri ndipo chikasu chatha, timabwezera mankhwala mmodzimmodzi, osati piritsi lophatikiza lija. Amayamba ndi rifampisini pamodzi ndi ethambutolo. Pakapita masiku atatu mpaka asanu ndi awiri timayezanso ALT, ndipo ngati ali bwino timaonjezera aisoniyazidi nkuyezanso. ALT akakwera kapena mseru ukabwerera, womaliza kuonjezeredwayo ndiye wolakwa. Kwa bambo wathu uja, amene anafika pa chikasu, rifampisini ndi aisoniyazidi akalowa bwino, pirazinamaidi sitimubwezeranso. Malipiro ake ndi akuti mankhwala amatalika kuchoka pa miyezi 6 kufika pa miyezi 9. Odwala ena amadandaula nazo, koma ine ndimaona kuti miyezi itatu yoonjezera ndi yopepuka poyerekeza ndi kuyesanso chiwindi chimene changopulumuka kumene.

Kubwezera kotereku timakuchita pa TB chifukwa mankhwala amphamvu olowa m'malo ndi ochepa. Kwa mankhwala ena monga nevirapini, akavulaza chiwindi kamodzi sabwezeredwanso, chifukwa ulendo wachiwiri umabwera msanga ndiponso mwaukali.

Mayi anga thupi likuwayabwa kwambiri ndipo maso ndi achikasu, koma mankhwala anamaliza kale. Zingakhale zomwezi?

Zingakhale, koma za mtundu wina uja wa njira za ndulu. Tinene kuti anamwa amokisilini wa klavulaneti sabata imodzi, ndipo patatha masabata awiri ayamba kuyabwa usiku mpaka kudzikanda zilonda, chimbudzi chayera, mkodzo wada. Magazi akuonetsa ALT 120 ndi ALP 480. ALT wawirikiza katatu, ALP kanayi, ndiye R sakufika ngakhale 1. Zikatere sitithamangira kunena kuti ndi mankhwala tisanajambule mimba ndi sikani, chifukwa mwala wa mu ndulu kapena chotupa chotseka njira chimapereka zotsatira zofanana ndendende. Sikani ikaonetsa kuti njira sizinatsekeke, mankhwala aja ndiwo amatsala. Mtundu umenewu suopsa msanga ngati wa maselo, koma umachedwa kutha, ndipo kuyabwa kumatha kukhalapo miyezi ingapo.

Bwanji mwati ma ARV ndisasiye ndekha?

Tenofoviya ndi lamivudini, amene ali m'piritsi la ma ARV limene ambiri akumwa, amapondereza HIV komanso kachirombo ka chiwindi ka mtundu wa B. Munthu amene ali ndi tizirombo tiwiriti akasiya mwadzidzidzi, ka B kamadzuka ndipo chiwindi chimatha kutupa koopsa. Pali nthawi zina pamene adokotala amaimitsa ma ARV, makamaka chiwindi chikayamba kulephera, koma amatero atayeza ndipo akumuyang'anira wodwalayo.

Panado wochuluka bwanji ndiye woopsa?

Munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 pa maola 24, amene ndi mapiritsi 8 a mamiligalamu 500, awiriawiri motalikitsa maola osachepera anayi. Wochepa thupi, wosadya bwino, womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi kale, mlingo wake uyenera kutsika. Ngozi imene timaiona si ya omwa mapiritsi ambiri nthawi imodzi okha ayi. Munthu dzino likumupweteka, akumwa awiri maola awiri aliwonse kwa masiku atatu, kwinaku akumwanso mankhwala a chimfine amene ali ndi panado m'kati mwake.

Choopsa cha panado nchakuti tsiku loyamba munthu amaoneka ngati ali bwino, mwina kusanza pang'ono chabe. Chiwindi chimagwa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ALT atafika m'masauzande. Mankhwala othetsa poizoniyu, asetilisisitini, amagwira bwino kwambiri akaperekedwa m'maola 8 oyambirira. Wina akamwa wambiri, mwangozi kapena mwadala, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akukana kuti sakumva kanthu.

Ndani ali pachiopsezo chachikulu pa mankhwala a TB?

Achikulire, omwa mowa, amene ali ndi HIV kapena kachirombo ka mtundu wa B, owonda kwambiri, ndi amayi oyembekezera kapena amene angobereka kumene. Otere ndi bwino ayezedwe chiwindi asanayambe mankhwala, kumene kuyezako kulipo. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe makina ake, ndiye wa ku Khombedza kapena ku Chipoka angatumizidwe kuchipatala cha boma ku Salima, ndipo amene chiwindi chikulephera amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mowa uyenera kulekedwa miyezi yonse ya mankhwala, osati yoyamba yokha.

ALT wanga wakwera pang'ono koma sanandisiyitse mankhwala. Alakwitsa?

Sanalakwitse. Mwa anthu khumi omwa aisoniyazidi, mmodzi kapena awiri ALT amakwera pang'ono m'miyezi yoyamba kenako nkutsika yekha, chiwindi chikazolowera. ALT wa 90 mwa munthu amene akudya bwino, wopanda mseru ndi chikasu, timangomuyezanso patapita sabata imodzi kapena awiri.

Ndikamabwera kuchipatala nditenge chiyani?

Buku lanu la kuchipatala, khadi la TB, ndi chilichonse chimene mwamwa m'miyezi itatu yapitayi: mapaketi ngakhale opanda kanthu, a kugolosale, botolo la zitsamba, mizu imene. Odwala ambiri amabisa za kwa sing'anga poopa kukalipiridwa, ndipo zikabisika timatha kuimitsa mankhwala a TB osalakwa pamene chovulaza chenicheni chikumwedwabe madzulo aliwonse, mwina m'chipatala momwemo owasamalira atabweretsa mu fulasiki. Nenani zonse, pamodzi ndi tsiku limene munayamba.

Chiwindi chimachira?

Kwa ambiri, inde, ngati mankhwala ovulazawo aimitsidwa msanga. Chiwindi chimamera maselo atsopano, ndipo kuvulala kwa maselo kumatha m'masabata ochepa mpaka miyezi itatu, kwa njira za ndulu kumatha kupitirira apo. Palibe zitsamba kapena mankhwala otsuka chiwindi amene amafulumizitsa zimenezi, ndipo kuonjezera zina pa chiwindi chodwala ndi kuchiika pangozi. Magazi akapanda kubwerera m'malo patatha miyezi 6, timafufuzanso ngati pali matenda ena a chiwindi amene analipo kale.

Musanatuluke m'chipatala, pemphani adokotala alembe dzina la mankhwala amene anakuvulazani patsamba loyamba la buku lanu, ndi zilembo zikuluzikulu. Bukulo likadzaza kapena likanyowa, dzinalo lisamutsidwire m'buku latsopano, ndipo mkazi kapena mwamuna wanu alidziwenso pamtima kuti adzathe kulitchula tsiku limene inu simungathe kulankhula.